Pemphani masikuwo, koma zikhale zolembedwa

"Andiimbira kuti ntchito ija anditenga, ndiyankhe pofika Lachisanu. Ndipemphe bwanji masiku ena osaoneka ngati sindikuyifuna?"

Achemwali, zimenezi zinandionekera ine ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Kampani ina ya ku Kanengo inandiimbira Lachitatu masana. Malipiro anangotchula pafoni, osanena ngati ndi yolandira m'manja kapena asanadule msonkho ndi 5 peresenti ya penshoni. Ndinathokoza, n'kupempha kuti anditumizire kalata ndiwerenge, yankho ndidzapereka Lolemba. Mayi wa ku ofesi yoona za antchito anati, "Palibe vuto bambo, tikudikirani." Kalatayo sinabwere.

Lolemba ndinalawirira kuchokera ku Area 25, masatifiketi mu envulopu, nditakonzeka kusaina. Anandikhazika pa benchi mpaka nthawi ya nkhomaliro. Mayi uja atatuluka sanandilowetse ndi mu ofesi momwe. Anandiuzira pakhonde pomwepo, mlonda ndi anthu ena akumva: "Malo aja tapereka kwa wina, inu mumaoneka ngati muli ndi kwina." Miyendo inazizira, pakamwa gwa. Nditawakumbutsa mawu awo aja anangoti sakukumbukira. Kunyumba mayi a ana anali atauza kale apongozi kuti ntchito yapezeka. Munthu wamkulu kukana mawu ake chonchija, pomwe kalata sanatumize ndi iwowo! Bwenzi atangondiuza Lachitatu lomwelo kuti nthawi palibe. Ndi nkhanza zimenezo, kuseweretsa munthu yemwe ali ndi lendi pamutu.

Komabe pemphani ndithu, ndipo pemphani lero, osadikira Lachisanu. Mukamaliza kulankhula pafoni tumizani imelo kapena uthenga wa pa WhatsApp. Yambani ndi kuthokoza n'kunena mosabisa kuti ntchitoyo mukuyifuna. Kenako tchulani tsiku lenileni, osati "masiku angapo" ayi. Mwachitsanzo: "Ndasangalala kwambiri ndipo ndikufunitsitsa kuyamba. Ndikupempha kalata ya mgwirizano kuti ndione za malipiro, penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala. Yankho ndipereka Lachiwiri isanakwane 12 koloko masana. Chonde nditsimikizireni ngati zili bwino." Kuwonjezera masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito kumamveka, koma masabata awiri amayamba kuimbira amene anabwera pambuyo panu pa intavyu. Musatchule zoti mukudikira yankho kwina, ndipo komwe muliko musapereke notisi musanasaine.

Akapanda kuyankha pofika Lachinayi madzulo, kapena mukamva mawu awo akusintha, ine ndikuti vomerani basi Lachisanulo, makamaka ngati panopa muli pakhomo. Onani ngati mgwirizanowo uli ndi miyezi yoyeserera. Lamulo la ntchito la 2000 limalola mbali iliyonse kuthetsa mgwirizano popanda notisi m'nthawi imeneyo, ndiye kwinako akakuitanani mudzatha kuchoka.