Foni ikamalira usiku wonse chifukwa cha mtengo wa Bitcoin

"Ndinatchera foni kuti izilira mtengo wa Bitcoin ukatsika ndi 2 peresenti. Usiku wa Lachiwiri inalira kosaleka mpaka mayi a kunyumba anandiuza kuti ndikagone nayo pabalaza. Ndaika `cooldown` ya mphindi 30 koma ikungolirabe. Ndalakwitsa pati?" Wafunsa chonchi ndi wowerenga wina wa ku Matawale.

Achimwene, mayiwo apepeseni kaye. Kenako dzifunseni kuti 2 peresentiyo ikuwerengedwa kuchokera pa mtengo uti, chifukwa vuto lagona pamenepo.

Tiyerekeze kuti munatchera mtengo uli pa madola 60,000. Kutsika ndi 2 peresenti ndiye kufika pa 58,800. Mtengo ukafika pamenepa sikuti umangopitirira ulendo. Umatha kukhudza 58,790, n'kukwera pa 58,830, n'kubwereranso pa 58,770, kumangozungulira pamodzimodzi ngati minibasi yosaka anthu pa depoti. Ukangodutsa mzerewo, foni imaona ngati nkhani yatsopano. Ndipo msika wa Bitcoin sutseka, usiku ngakhale Lamulungu.

Mphindi 30 za `cooldown` zanuzo, nthawi imene foni imapuma ikangolira, zimangoitseka pakamwa kwa kanthawi. Zikatha, foni imayang'ananso, n'kupeza mtengo udakali pansi pa 60,000 ndi 2 peresenti, basi n'kuliranso. Kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa ndi maola 8, ndiye ikhoza kukudzutsani ka 16 pa nkhani imodzi yomweyo. Mukatalikitsa kupumako mungochepetsa phokoso, nthenda ikhalapobe.

Chofunika n'choti poyambira kuwerenga pazisuntha. Foni ikalira pa 58,800, mtengo umenewo ukhale poyambira patsopano. Kuti ilirenso, mtengo uyenera kutsika mpaka 57,624 kapena kukwera mpaka 59,976. Zovinavina za pakati apo sizikukhudzaninso, ngakhale zitachezera usiku wonse. Kupuma kuja kumangotsala ndi ntchito yaing'ono yoletsa mauthenga awiri kubwera mothinana tsiku limene msika wapenga.

Koma kupumaku kulinso ndi msampha wake, ndipo ineyo unandigwira. Nditatopa ndi phokoso ndinaika maola anayi athunthu, n'kukwera ku Chawe ndi alendo Loweruka lina. Foni inalira kamodzi tikudya mabulosi m'mbali mwa msewu, ine n'kungoti ndi zazing'ono izi. Potsika madzulo ndinapeza mtengo wagwa kutali, foni ili chete poti inali kumvera lamulo langa lomwe. Zoterezi si zachilendo: pa 12 Malichi 2020 Bitcoin inagwa ndi pafupifupi 40 peresenti tsiku limodzi. Choncho pamafunika khomo lachiwiri losadikira nthawi. Kwa ine, mtengo ukasuntha ndi 5 peresenti kuchoka pamene foni inalirira komaliza, izilira basi, kaya papita mphindi ziwiri zokha. Pa chitsanzo chathu chija, kumunsi ndi pa 55,860.

Ngati mumadzilembera nokha kapulogalamu kotumiza uthenga, zonsezi zimakwana m'mizere isanu:

```
kusintha = abs(mtengo - poyambira) / poyambira * 100
if kusintha >= 5 or (kusintha >= 2 and mphindi >= 30):
    tumiza(mtengo)
    poyambira = mtengo
    mphindi = 0
```

Mzere wa `poyambira = mtengo` ndi umene ambiri amaiwala. Onetsetsaninso kuti mtengo wapoyambirawo ukusungidwa mu failo, apo ayi magetsi akathima kompyuta n'kuyakanso, kapulogalamuko kayamba ngati sikanalirepo.

Ngati mumagwiritsa ntchito TradingView, pulogalamu yoonera mitengo ya pamsika, yang'anani pamene pamasankhidwa kuti chenjezo lizilira kangati. Pa tchati cha ola limodzi sankhani `Once per bar close`. Apa foni imadikira kuti olalo lithe, ndipo mtengo ukangosuzumira pansi pa mzere n'kubwerera ola lisanathe, siilira. Kuipa kwake n'koti uthenga ukhoza kuchedwa ndi ola lathunthu, ndiye tcherani chenjezo lina patali, pa 55,860 paja, la `Only once`. Limenelo likalira mudzalitcherenso nokha pa mtengo watsopano.

Musanasinthe chilichonse, tsegulani mauthenga a Lachiwiri aja muwerenge mitengo ndi nthawi zake. Ngati mitengo yonse yaunjikana pafupi ndi nambala imodzi, nthenda yake ndi imene tafotokozayi. Koma ngati mitengoyo ndi yotalikirana, nthawi zolembedwa m'katimo n'zosiyana, chonsecho foni inalira kakhumi motsatizana, ndiye kuti netiweki inathawa kapena bando inatha, mauthenga n'kudikirira panjira mpaka kufika onse pamodzi. Zimenezo `cooldown` singazithetse, chifukwa imawerenga nthawi yotumiza uthenga, osati nthawi imene wafika ku Matawale.