Makutu aatali okha si umboni kuti tonde ndi wa Bowa

"Alangizi, ndagula tonde pamsika wa ziweto. Makutu ake ndi aatali olendewera, mutu ndi wofiira, ndipo wogulitsa anati ndi Bowa weniweni. Ndingatsimikize bwanji?"

Bambo, mwayang'ana malo oyenera, koma mwathera panjira. Mbuzi ya Bowa inachokera ku South Africa, ndipo maonekedwe ake amayendera limodzi. Thupi ndi loyera, mutu ndi khosi ndi zofiira, kawirikawiri pamakhala mzere woyera wotsika pamphumi. Makutu ndi otambalala, ogwera pansi m'mbali mwa masaya. Mphuno ndi yokhota ngati mlomo wa kabawi. Nyanga ndi zakuda, zozungulira, zopindikira kumbuyo pang'onopang'ono. Mbuzi zathu zamakolo zili ndi makutu aafupi oima kapena oloza m'mbali, nkhope yowongoka, ndipo ubweya umabwera mtundu uliwonse.

Vuto ndi lakuti mutu wofiira ndi makutu aatali zimapita msanga kwa ana, ngakhale magazi a Bowa atachepa. Mwana wa tonde wa Bowa ndi mbuzi yamakolo amatha kutenga mutu wa bambo wake, thupi n'kukhala la mayi. Makutu ake amatalika ndithu, koma nthawi zambiri amayamba aloza m'mbali, n'kupindikira pansi chakunsonga. Muwaone tonde ataima phee, osati akudya.

Tsopano chitani izi. Mutsekuleni pakamwa muwerenge mano aakulu akutsogolo, kunsagwada ya m'munsi. Awiri oyamba amatuluka mbuzi ikakwana chaka kapena kupitirira pang'ono, ndipo anayi amasonyeza kuti ili pafupi zaka ziwiri. Mukatero mukoloweke pasikelo yogulira mbewu, atakhala m'thumba. Mbuzi yamakolo yokhwima imalemera makilogalamu 25 mpaka 30, pamene tonde wa Bowa wokhwima, wodya bwino, amatha kupitirira 100. Ndiye ngati wanuyo ali ndi mano aakulu anayi koma sikelo ikuti 32, ameneyo ndi wosakaniza, kapena anakulira njala ndi njoka za m'mimba. Gwiraninso msana ndi ntchafu. Bowa ndi mbuzi ya nyama, chifuwa chake n'chotakata, miyendo ndi yonenepa. Tonde wa makutu aatali koma wamtali miyendo ndi wopyapyala angakhale ndi magazi a mtundu wina.

Ku ng'ombe n'chimodzimodzi: makutu ogwa ndi linunda lalikulu zimaloza kwa Bramani, koma sizinena kuchuluka kwa magaziwo.

Chimodzi chimene ndimachenjeza kwambiri ndi nyanga. Tonde amene anabadwa wopanda nyanga musamukweretse pa mbuzi yomwenso inabadwa yopanda nyanga. Ana ena amabadwa ndi ziwalo zosokonekera, osakhala amuna osakhala akazi, ndipo sabereka. Ndinaonapo mayi wina akudikira msoti wotere zaka ziwiri osatenga bere, ndipo zinandipweteka mtima.

Wanuyo akapezeka wosakaniza musamugulitse mothamanga. Akhozabe kukupatsani ana okulirapo kuposa a m'khola mwanu, bola azimwa mankhwala a njoka mvula ikamayamba ndi ikamatha, komanso muzimusungira masangwe a mtedza oti azidya m'chilimwe.