Golosale igulitse zingati kuti isagwe?

"Ndili ndi kagolosale ku Ulongue. Pamwezi ndimagulitsa katundu wa metikali 60,000, koma pokapikula ndalama zimaperewera. Kodi ndizigulitsa zingati kuti ndisatseke?"

Mayi, mwa 60,000 ija zambiri n'za amene mumapikulako. Zanu n'zimene zimatsala mukachotsa mtengo wopikulira ndi thiransipoti. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo, inu muikepo anu.

Tengani paketi ya shuga. Mwapikula pa 75, kuti ifike pashelefu kuchokera ku Tete yadya 3, mwagulitsa pa 90. Yatsala 12. Sopo, mafuta oyeza ndi masiwiti zimasiya zochulukirapo, mayunitsi a foni amasiya pang'ono zedi. Lembani sabata yathunthu m'kope kuti muone zimene zimatsala pa 100 iliyonse yolowa m'kabati. Tinene kuti ndi 15.

Kenako pali ndalama zimene zimatuluka ngakhale tsikulo kusabwere munthu. Lendi 3,500, magetsi a Credelec 1,000, mtsikana wothandiza 3,000, chiphaso ndi msonkho tiike 500. Ambiri amalekera pomwepa, n'kuiwala kuti mwini golosale nayenso amadya. Dzilembereni malipiro, tinene 4,000, chifukwa mukapanda kutero muzingotapa m'kabati: lero ya ndiwo, mawa ya kuchigayo, sopo wa pashelefu n'kupita kubafa osalembedwa. Zonse pamodzi zakwana 12,000.

Funso tsopano n'lakuti, ma 15 angati akwanitse 12,000? Gawani 12,000 ndi 15, mupeza 800. Ma 100 okwana 800 ndi 80,000 pamwezi. Amenewo ndiwo malire, pamene simunapindule komanso simunaluze. Ngati kasitomala mmodzi amasiya pafupifupi 80, mukufunika kugulitsa maulendo 1,000 pamwezi, kapena kuti anthu 39 patsiku ngati mumatsegula masiku 26.

Pa 60,000 yanu pamatsala 9,000 yokha, ndiye kuti 3,000 imachoka pa mpamba mwezi ndi mwezi. M'kabati simungazione msanga, poti ndalama imalowa tsiku lililonse. Yang'anani mashelefu. Ngati kale munkatenga makatoni atatu a sopo ndipo pano mukutenga awiri, mpamba ukudyeka. Ngongole nayo musaiwerenge ngati malonda mpaka ndalamayo itafika m'manja.

Kupeza makasitomala ena 250 pamwezi kuti mufike pa 80,000 n'kovuta. Ine ndingayambe ndi 15 uja. Mukamufikitsa pa 18, posiya katundu wosayenda ndi kugawana thiransipoti ndi anzanu, malire atsika kufika pafupifupi 66,700. Mtsikana uja akamabwera masiku otanganidwa okha pa 1,500, zotuluka zikhala 10,500, ndipo pa 18 mukufunika pafupifupi 58,300 basi.

Kwanuko ku Angonia ndalama imayendera zokolola. Miyezi imene anthu agulitsa chimanga, mbatatesi ndi fodya iyenera kupitirira malire ndithu, kuti zotsalazo zilipire lendi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama zathera ku feteleza ndipo ambiri amabwera kudzakongola.