Mutu wa imelo woti abwana atsegule ndi kuyankha

"Abale ndithandizeni. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina kuno ku Zomba. Ndikatumiza imelo kwa abwana pamatha masiku osayankhidwa, mpaka ndikawatsatire ku ofesi. Sabata yatha ulendo wathu wa ku Chingale unalephereka chifukwa ndalama za mafuta sanavomereze. Kodi pa mutu paja ndizilemba chiyani kuti aziwerenga?"

Achemwali, pepani ndi za ulendowo. Ine ndinakhalapo mbali inayo, ndinkathandiza mkulu wina pa ofesi yake, ndipo ndinkaona ndi maso anga momwe amawerengera maimelo. Sankakhala pansi pa kompyuta n'kumatsegula imodziimodzi ayi. Ankawerengera pa foni, ali chiimire pakhomo la chipinda cha msonkhano, kapena ali m'galimoto pa msewu wa ku Blantyre, chala chikungokweza ndi kutsitsa. Mu masekondi ochepawo ankasankha zoti atsegule pompo ndi zoti aone madzulo, ndipo za madzulozo zambiri zinkakwiririka ndi zina zofika pambuyo. Ndiye mutu wanu uyenera kunena chimene mukufuna kwa iwo imeloyo asanaitsegule.

Tengani foni yanu muone nokha. Mutu wautali umaduka, nthawi zambiri pamaoneka zilembo 30 mpaka 40 zokha, malinga ndi kukula kwa foni ndi kwa zilembo. Malo onse amene muli nawo ndi amenewo. Ambiri timawawononga ndi mawu aulemu ndi ofotokoza, pempho lenileni n'kugwera kumene kwadukako.

Tiyeni titenge nkhani yanu yomweyi. Ndikuganiza kuti munalemba chofanana ndi ichi, poti ndi momwe tinazolowerera ku maofesi kuno:

```
Request for your kind consideration regarding the upcoming field trip
```

Pa foni abwana aona mawu asanu oyambirirawo basi. Sadziwa kuti ndi za ndalama, sadziwa kuti ndi zingati, sadziwa kuti pali tsiku lomaliza. Imelo yotere imaoneka ngati yofuna kukhalira pansi ndi kuganizira, ndipo munthu wotanganidwa amaiika pambali osati chifukwa cha nkhanza koma poopa kuti imudyera nthawi. Tiyerekeze kuti mafutawo ndi a K180,000, ulendo ndi wa Lachisanu, ndipo a za chuma amafuna tsiku lathunthu kuti atulutse ndalama. Ine ndikanalemba chonchi:

```
For approval by Thu 10am: fuel K180,000, Chingale trip
```

Werengani zilembozo. Kufika pa ndalamapo ndi 39, kotero ngakhale foni idule dzina la Chingale, zofunika zonse zaoneka: chimene achite, nthawi yake, ndi kuchuluka kwa ndalama. Ngati pa ofesi panu mumalemberana m'Chichewa, dongosolo lake ndi lomweli: Chonde vomerezani pofika Lachinayi: mafuta K180,000.

Pali zinthu ziwiri pa mutu umenewu zimene ndikufuna muzionetsetse. Choyamba ndi tsikulo. Sindinalembe Lachisanu, tsiku la ulendo, ndalemba Lachinayi m'mawa, nthawi imene yankho likufunikadi. Mukalemba tsiku la ulendo, abwana adzavomereza Lachisanu lomwelo ndi mtima woyera, akuganiza kuti asunga nthawi, pamene a za chuma sangathenso kuchitapo kanthu. Muziwerengera chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku la ntchitoyo, kuchotsa nthawi ya aliyense amene pepala lidutsa m'manja mwake. Ndipo musalembe kuti mawa kapena lero. Imelo yolembedwa Lachiwiri ikawerengedwa Lachitatu, mawa uja wasuntha. Tchulani dzina la tsiku, ngati ndi sabata ina ikaninso deti.

Chachiwiri ndi ndalamazo. Ena amachita manyazi kuika chiwerengero pa mutu, koma ndi chimene chimathandiza abwana kudziwa msanga ngati ndi nkhani yoti angoyankha kuti chabwino kapena yoti aone kaye bajeti. Pokhapokha ikakhala nkhani ya malipiro a munthu, matenda kapena chilango, pamenepo dzina ndi chiwerengero zisakhale pa mutu, chifukwa mutu umawalira pa foni ngakhale ili pa tebulo pakati pa anthu.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani mumtima, chifukwa nanenso chinandivuta. Tinaleredwa kuti wamkulu suyamba ndi kumuuza chochita, umayamba ndi moni ndi kupepesa. Ulemuwo musautaye, koma malo ake ndi m'kati mwa imelo. Pa mutu, mawu amodzi akuti chonde akwana. Mkulu amene ndinkamuthandiza uja sanadandaulepo ndi mutu wolunjika, chimene chinkamupweteka mutu ndi kuwerenga ndime zitatu asanapeze chimene akupemphedwa.

M'katimonso samalani mzere woyamba, chifukwa Gmail ndi Outlook zimauonetsa pafupi ndi mutu imelo isanatsegulidwe. Moni akhale wa mawu awiri kapena atatu, kenako pempho lomwelo ndi zotsatira zake: ndikupempha chilolezo cha K180,000 ya mafuta, chikapanda kufika Lachinayi 10 koloko ndalama sizituluka ndipo ulendo ulephereka. Malizani ndi kuwauza kuti kungoyankha kuti ndavomereza n'kokwanira. Munthu ali pa foni amatha kulemba liwu limodzi, koma kutsegula mafayilo atatu sangathe.

Mawu akuti `URGENT` asiyeni. Pa ofesi iliyonse pali munthu amene imelo yake iliyonse ndi yachangu, ndipo abwana anasiya kalekale kumukhulupirira. Tsiku ndi ola zimanena changu bwino kuposa zilembo zikuluzikulu. Komanso imelo yongodziwitsa muziisonyeza kuti ndi yongodziwitsa, poyamba ndi `FYI`. Akazolowera kuti inu mumasiyanitsa ziwirizi, dzina lanu likabwera ndi pempho amatsegula.

Cholakwa china chimene ine ndinachichitapo ndekha: ndinayankha pa imelo yakale ya malipoti a mwezi n'kuikamo pempho latsopano la ndalama. Mutu unali udakali `RE: RE: Monthly reports`, ndipo palibe anaganiza kuti muli pempho m'menemo. Nkhani ikasintha, yambani imelo yatsopano kapena sinthani mutu. Pa Gmail ya pa kompyuta, mukamayankha dinani kamuvi kali pakona ya kumanzere pamwamba pa bokosi loyankhira, musankhe `Edit subject`. Chimodzimodzi mukakhala ndi mapempho awiri, monga mafuta ndi tchuthi, tumizani maimelo awiri. Mukaphatikiza, ayankha chophwekacho, chinacho n'kuiwalika, ndipo inu mudzasowa poyambira kukumbutsa.

Mutu wabwino uli ndi malire ake. Ngati yankho likufunika pasanathe maola awiri kapena atatu, imelo payokha si njira, imbani foni kapena pitani, imeloyo ikhale umboni wolembedwa wa zimene mwagwirizana. Onaninso kuti abwana ali pa `To` osati pa `Cc`, poti ambiri amatenga za pa `Cc` ngati zongowadziwitsa. Ndipo ngati mwatumiza Lolemba koma kuli zii mpaka Lachitatu masana, kumbutsani pa imelo yomweyo ndi mzere umodzi wotchula ola lija. Musanatumize pempho la ulendo wotsatira, dzitumizireni nokha kaye, muone pa foni pamene mutuwo wadukira, ndipo ngati tsiku kapena ndalama zabisika, zisunthireni kutsogolo.