Memore yaonongeka, foni ikuti mufomate? Dikirani kaye

"Memore yanga ya 64GB yakhala ikugwira bwinobwino. Dzulo foni yangolemba kuti yaonongeka, ndiifomate. Muli zithunzi za chinkhoswe cha mng'ono wanga. Ndivomere?"

Ayi achemwali, musavomere, ndipo musajambulirenso kalikonse m'menemo.

Memore ili ndi kaundula, kachigawo kamene kamauza foni kuti chithunzi chakuti chili pakuti. Batire ikathera pakati foni ikulemba, kapena mukazula memore foni ili yoyatsa, kaundulayo amasokonekera. Foni imasowa poyambira n'kunena kuti mufomate, pomwe nthawi zambiri zithunzi zili momwemo. Chimene chimazipha ndi kulemba zatsopano pamwamba pake.

Zimitsani foni, chotsani memoreyo, pukutani timizere tagolide ndi kansalu kouma, muiike mu khadi rida pa kompyuta. Ikatseguka, koperani zonse nthawi yomweyo. Nayo kompyuta ikafunsa zofomata, dinani Cancel. Kenako tsitsani PhotoRec, pulogalamu yaulere imene imabwera pamodzi ndi TestDisk. Iyo silabadira kaundula. Imawerenga memore yonse n'kutola chilichonse chooneka ngati chithunzi kapena vidiyo. Maina a mafayilo amasintha, mafoda amasowa, koma zithunzi zimabwera. Zopulumukazo muzisunge pa kompyuta, osati pa memore yomweyo. Ngati mukupita kwa anyamata oika nyimbo kumsika, auzeni zimenezi asanaigwire, chifukwa ambiri dzanja lawo limathamangira kufomata.

Koma 64GB ija ikundikayikitsa, makamaka ngati munaigula motchipa. Pali mamemore achinyengo olembedwa 64GB, mkati muli 8GB basi, ndipo anawachenjeretsa kuti foni izionetsa 64. Amagwira bwino mpaka mudzaze 8 yeniyeniyo. Mukapyola pamenepo, zatsopano zimangotayika kapena kufufuta zakale, mwinanso kaundula yemwe. Chizindikiro chake n'chakuti zithunzi zina zimatseguka, zina zili ndi dzina koma sizitseguka. Zoterozo palibe pulogalamu ingazibweze. Mukamaliza kupulumutsa zomwe zilipo, fomatani memoreyo muiyeze ndi H2testw, imene imaidzaza yonse n'kukuuzani kukula kwake kwenikweni.

Kumbukiraninso tsiku limene munaiika. Ngati munasankha kuti ikhale internal storage, Android inaikiya, ndipo kiyi ali m'foni yanu yokhayo. Kompyuta siingaiwerenge, PhotoRec naye sathandiza. Zikatero bwezerani m'foni momwemo, muzimitse n'kuyatsanso, ikaoneka mukopere zonse kudzera pa chingwe. Foniyo musaichite factory reset, kiyi angapite nayo.

Ngati mwayesa makhadi rida awiri koma kompyuta siikuiona n'komwe, memoreyo yafa. Apo funsani achibale amene munawatumizira zithunzi pa WhatsApp, komanso suzumirani mu Google Photos ngati inali yoyatsa.