Mtolankhani akaimba foni, muli ndi mphindi zochepa

"Ndine dokotala wa ziweto, ndili ndi kasitolo ka mankhwala ku Luwinga. Nkhuku zikamafa ndi chitopa ndimamva pa wailesi anthu omweomwewo, ena a ku Lilongwe, akufotokoza zinthu zomwe ine ndimaziona tsiku ndi tsiku. Ndingatani kuti atolankhani azindifunsa inenso?"

Adokotala, ndinagwirapo ntchito ya utolankhani kuno ku Mzuzu, ndiye ndikuuzani mmene zimakhalira ku mbali inayo ya foni. Nthawi ili 2 koloko masana, mkonzi akufuna nkhani isanakwane 4, ndipo ndili ndi manambala atatu. Woyamba sakuyankha. Wachiwiri akuti ndimutumizire mafunso olemba, ayankha mawa. Wachitatu wayankha. Ameneyo ndi amene mumamumva pa wailesi, ndipo mwezi wamawa ndidzayambira kwa iye. Sikuti amaposa anzake nzeru ayi, amangopezeka basi.

Choncho yambani ndi kupezeka. Nyumba zikuluzikulu zoulutsa ndi kusindikiza nkhani monga MBC, Zodiak, Times ndi Nation zili ndi atolankhani awo mumzinda uno, ndipo palinso Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane. Musalembere onse. Mvetserani kwa milungu iwiri, muone amene amakonda nkhani za ulimi, musankhepo awiri. Mmodzi akatulutsa nkhani ya ziweto, mutumizireni uthenga waufupi: dzina lanu, ntchito yanu, mfundo imodzi imene nkhaniyo inaiphonya, ndi kuti akhoza kuimba nthawi ina iliyonse. Sitolo musaitchule. Mtolankhani akangonunkhiza malonda amakutumizani kwa anzake otsatsa malonda, komwe mukalipire.

Tsopano tinene kuti waimba: "Tamva kuti nkhuku zikufa ku Ekwendeni, vuto n'chiyani?" Musayankhe pomwepo. Mufunseni kuti nkhaniyo ikufunika nthawi yanji, ndi ya wailesi kapena nyuzipepala, komanso akujambula mawu kapena ayi. Kenako mupempheni mphindi 10, ndipo zikakwana muimbedi. M'mphindi zimenezo lembani papepala mfundo imodzi yomwe mukufuna kuti mayi woweta nkhuku zake khumi aimve.

Apa ndi pamene akatswiri ambiri amadzipweteka. Amayankhula mphindi zisanu ngati ali m'kalasi, pamene wailesi itengapo masekondi 20 kapena 30 okha. Ndiye wodula mawuyo amasankha yekha, ndipo madzulo katswiri uja akulira kuti amupotozera. Dulani nokha. Mwachitsanzo: "Chitopa chilibe mankhwala ochiza, koma chili ndi katemera. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndi anapiye omwe, ndipo abwerezedwe pakatha miyezi inayi. Nkhuku yodwala kale musaipatse katemera, ndipo musakaigulitse kumsika." Mawu otere palibe podula. Muwakonzenso m'Chitumbuka, chifukwa kuno mtolankhani akhoza kukupemphani kuti mubwereze m'chiyankhulocho, ndipo kumasulira uli pa maikolofoni n'kovuta.

Koma taonani zomwe simunanene. Simunanene kuti nkhuku za ku Ekwendeni zikufa ndi chitopa, chifukwa simunazione, ndipo matenda ena a nkhuku amafanana nacho. Mtolankhani adzakukakamizani: "Ndiye tinene kuti kwabuka mliri?" Yankho n'lakuti otsimikiza zimenezo ndi a zaziweto a boma, ku ofesi ya zaulimi ya Mzuzu ADD, atayeza. Mpatseni njira yowapezera. Mwina mukuona ngati mwataya mwayi, koma ine munthu wonditumiza kwa woyenera ndinkamulemba pamwamba m'kabuku kanga. Ndinapsapo kamodzi ndi katswiri wina amene anandipatsa chiwerengero cha m'mutu mwake, mkonzi n'kundizazira m'mawa mwake. Nambala yake ndinaifufuta tsiku lomwelo.

Za "izi musalembe" chenjerani nazo. Pangano limenelo limapangidwa musanayankhule, mtolankhaniyo n'kuvomera. Mukayamba mwaulula dzina la famu yomwe nkhuku zatha, kenako n'kumati asalembe, madzi atayika kale. Kuli bwino osatchula n'komwe makasitomala anu. Ndipo musapemphe kuti muone nkhani yonse isanatuluke, ambiri amakana. Chomwe mungapemphe n'chakuti akuwerengereni mawu anu okha ndi manambala, makamaka dzina la katemera.

Nanga chipondamthengo? Ena adzakuuzani kuti popanda kaenvelopu simumveka. Ine ndikuti ayi. Mukalipira kamodzi mwasanduka kasitomala, ndipo tsiku lomwe mulibe ndalama foni siilira.

Zikalakwikabe, mwina analemba "masabata anayi" m'malo mwa "miyezi inayi", imbirani mtolankhaniyo tsiku lomwelo, modekha, mumuuze mawu olakwikawo ndi olondola ake. Akakana pitani kwa mkonzi, ndipo ngati nkhaniyo yakuipitsirani mbiri kuli Media Council of Malawi yomwe imamva madandaulo. Kumunyoza pa Facebook musayese, atolankhani a kumpoto kuno amadziwana onse, amakumana ku Nyika Media Club.

Chitopa chimavuta kwambiri m'miyezi yotentha, ndiye musadikire kuti nkhuku ziyambe kugwa. Mu Julaye tumizirani atolankhani anu awiri aja uthenga wakuti nthawi yopereka katemera yakwana, ndipo muwaitane adzakuoneni mukudontheza m'maso mwa nkhuku pakhomo pa mlimi amene wavomera kujambulidwa.