Maimelo awiri, yankho zii. Yachitatu ndilembe bwanji?

"Achimwene, mnzanga wa ku akaunti ndamulembera maimelo awiri kupempha mafigala a ndalama zomwe tagwiritsa ntchito mwezi watha koma ali zii. Lipoti likufunika Lachisanu. Ndilembenso bwanji osaoneka ngati ndikulalata?"

Achemwali, musanapse mtima tsegulani kaye maimelo awiri aja muwawerenge ngati si inu munalemba. Pa To panali anthu angati? Mukayikapo anthu anayi aliyense amati ayankha mnzake. Nanga tsiku munalitchula, kapena munangoti "mukapeza mpata"? Mpatawo munthu wa ku akaunti sawupeza, makamaka tsiku la 14 likamayandikira pomwe akuthamangitsa za PAYE ku MRA, imelo yopanda deti imangotsikira pansi basi.

Yachitatuyi dinani Reply pa imelo yachiwiri ija kuti zomwe munalemba kale zizioneka mmunsi ndi madeti ake. Zikamba zokha zimenezo, inu osalemba zoti "aka ndi kachitatu". Subject yokha isintheni ikhale ndi tsiku: "Mafigala a Juni, pofika Lachitatu 12 koloko". Onani ndati Lachitatu osati Lachisanu, mudzisiyire masiku awiri.

Mkatimo mwachidule chonchi:

"Mwadzuka bwanji achimwene. Ndikufuna mafigala a mafuta, ma alawansi ndi za holo a mwezi wa Juni kuti nditseke lipoti. Chonde munditumizire pofika Lachitatu 12 koloko. Ngati simunamalize kuwaphatikiza, ingonditumizirani fayilo mmene ililimo ndiphatikiza ndekha. Lachitatu likapanda kutheka mundiuze lero tsiku lomwe mungathe, ndiwadziwitse abwana kuti lipoti lichedwa. Zikomo."

Chiganizo cha fayilo chija ndiye chimagwira ntchito kwambiri. Anthu ambiri amakhala chete poti ntchitoyo sanayiyambe ndipo akuchita manyazi, ndiye mukawapatsa potulukira amayankha msanga. Ine ndinadikirapo munthu sabata ziwiri ndikufufuma, kufunsa bwinobwino kupeza kuti malisiti a ku filudi anali asanamufike nkomwe, amangosowa poyambira kundiuza.

Za kuyika abwana pa CC, ine ndimati ayi, osati panopa. Munthu amaona ngati mwamunenera, mafigala atumiza inde koma mawa mukadzafuna kuti alawansi yanu ituluke msanga mudzaziona. Mu imeloyi mwawatchula kale abwanawo mwaulemu, zakwana.

Mukatumiza dikirani ola limodzi kenako nyamukani mupite pa desiki pake, kapena ka meseji pa WhatsApp ngati ali kutali, kongoti "ndakutumizirani imelo, tayionani". Akakuyankhani pakamwa bwererani mukalembe mzere umodzi pa imelo yomweyo, "monga tagwirizana, mafigala abwera Lachitatu", kuti pakhale umboni.

Lachitatu 12 koloko ikakwana kuli zii, apo ndiye lemberani abwana anu inuyo, muwauze kuti lipoti layima pa mafigala a Juni ndipo mwapempha katatu, madeti ndi awa. Za khalidwe la mnzanuyo musalembemo.